Mauthenga okumbutsa kasitomala za invoisi yosalipidwa

Lachitatu, 19 Malichi 2025

Okondedwa Bambo Phiri,

Ndikhulupirira kuti muli bwino. Ndalemba kuti ndikukumbutseni za invoisi nambala 014 imene ndinatumiza pa 3 Malichi, ya ntchito yojambula zithunzi ndi kanema pa chionetsero cha mbewu chimene kampani yanu inachititsa ku Mitundu pa 20 Febuluwale. Pa mtengo wonse wa K850,000 munapereka kale K300,000 ntchito isanayambe, ndipo yotsala, K550,000, inayenera kulipidwa pofika Lolemba pa 17 Malichi monga tinagwirizana. Ndikudziwa kuti nyengo ino ntchito imachuluka ku ofesi kwanu, choncho ndatumizanso invoisiyo pamodzi ndi uthenga uno kuti musavutike kuifufuza. Ngati mwalipira kale, chonde nditumizireni umboni wa ku banki.

Ine wanu,
Chisomo

Lachisanu, 28 Malichi 2025

Okondedwa Bambo Phiri,

Zikomo pondiyankha pa foni Lachiwiri lapitali, pamene munanena kuti invoisi yanga ili ku ofesi ya zachuma ndipo ikungodikira kusainidwa. Mpaka m'mawa uno ndalamazo sizinalowe mu akaunti yanga. Ngati pali chimene chikusowa pa mapepala anga, kaya ndi nambala yanga ya msonkho ya ku MRA kapena kalata yotsimikiza kuti munalandira ntchito, ndiuzeni lero lomwe kuti ndikonze. Ndikupempha kuti mundipatse tsiku lenileni limene mudzalipire, komanso dzina la amene akuyendetsa nkhaniyi ku zachuma, kuti ndizilankhula nawo ndekha osakutayitsani nthawi.

Ine wanu,
Chisomo

Lachitatu, 9 Epulo 2025

Bambo Phiri,

Uthenga wanga wa pa 28 Malichi sunayankhidwe, ndipo tsopano padutsa masabata atatu kuchokera tsiku limene ndalama inayenera kulipidwa. Ndiyenera kulankhula mosabisa mawu.

Ntchito ija ndinaigwira yonse ndipo ndinaipereka pa nthawi yake. Kanemayo munandipempha kuti ndimukonze mwina ndi mwina, ndinakonza osawonjezera mtengo, ndipo inu nomwe munandilembera pa 28 Febuluwale kuti mwakhutira naye. Ndaona kuti kanemayo ali kale pa tsamba lanu la Facebook, ndiponso chithunzi cha mayi atanyamula zitsononkho ziwiri za chimanga chili pa mapepala otsatsa malonda amene mukugawa kwa alimi. Ndine wokondwa kuti ntchito yanga ikukuthandizani, koma ine sindinaone phindu lake. K300,000 imene munapereka poyamba inathera pa mafuta a galimoto, kubwereka magetsi ojambulira ndi kulipira mnyamata amene anandithandiza kujambula mawu. Ine ndimagwira ntchito pandekha, ndilibe malipiro a pamwezi, ndipo ndalama yotsalayi ndiyo malipiro a thukuta langa.

Ndikupempha kuti mulipire K550,000 pofika Lachitatu pa 16 Epulo. Ngati kampani ili pa vuto la ndalama, ndiuzeni poyera. Ndikhoza kulandira theka sabata ino ndi theka linalo pakutha pa mwezi, bola mgwirizanowo ulembedwe ndipo musaine. Banki ikavuta, Airtel Money kapena TNM Mpamba ndimalandiranso.

Ine,
Chisomo

Lachitatu, 23 Epulo 2025

Chidziwitso chomaliza: invoisi nambala 014, K550,000

Bambo Phiri,

Tsiku la 16 Epulo ladutsa popanda kulipira, ndipo simunanenepo kanthu pa ganizo langa lolipira kawiri. Uthenga uno ndautumizanso kwa mkulu wa kampani yanu ndi ku ofesi ya zachuma.

Ndikukupatsani masiku 7 kuchokera lero. Ngati ndalama yonse siilowa mu akaunti yanga pofika 5 koloko madzulo Lachitatu pa 30 Epulo, ndidzapereka nkhaniyi kwa loya ndi kukasuma ku khoti la majisitireti ku Lilongwe, kumene ndidzapempha ngongoleyi pamodzi ndi chiwongoladzanja ndi ndalama zimene ndidzaononge pa mlanduwo. Ndasunga mgwirizano umene tinasainirana, mauthenga athu onse, ndi umboni wa malo amene mwagwiritsa ntchito zithunzi ndi kanema.

Ndikukumbutsaninso ndime 6 ya mgwirizanowo, imene ikunena kuti umwini wa zithunzi ndi kanema ukhala wanga kufikira mutamaliza kulipira. Choncho, ngati simulipira pofika tsiku ndatchulali, muyenera kuchotsa kanemayo pa masamba anu onse ndi kusiya kugawa mapepala okhala ndi zithunzi zanga. Ntchito yojambula pa nthawi yokolola imene tinakambirana ndaiimitsa kufikira ngongoleyi itatha.

Sichinali cholinga changa kuti tifike apa, ndipo njira yothetsera nkhaniyi kunja kwa khoti ikadali m'manja mwanu. Mukalipira, nditumizireni umboni wa ku banki, komanso satifiketi ya msonkho ngati mwadulapo msonkho wa MRA, ndipo ndidzakupatsani risiti tsiku lomwelo.

Ine,
Chisomo