Za nyumba ya ku Ntcheu: mafayilo 6, muyambire lachitatu

Malume,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno tili bwino, mayi akupereka moni. Ndinapita kumudzi Loweruka lapitali ndipo ndabwerako ndi mapepala onse aja munkafunsa. Ndawatumiza mu imelo yomwe ino, mafayilo 6, ndipo lililonse ndaliyika nambala kumayambiriro kwa dzina kuti tikamalankhula pa foni tizingotchula nambalayo. Ngati nthawi yakucheperani, tsegulani lachitatu ndi lachinayi basi. Amenewo ndi amene akudikira mawu anu pasanafike pa 26 Sepitembala. Enawo mutha kuwaona Lamulungu mukapuma.

1_ndalama.pdf ndi kaundula wa ndalama zonse kuyambira Juni. Tsamba loyamba ndi zomwe ndinalandira: K1,200,000 pa 6 Juni, K950,000 pa 18 Julayi ndi K1,400,000 pa 29 Ogasiti, zonse pamodzi K3,550,000. Chonde mufananize ndi mauthenga a Mukuru omwe ali mu foni mwanu. Ine ndalemba makwacha amene ndinagwira m'manja, ma randi amene munapereka kumeneko mukuwadziwa ndinu. Tsamba lachiwiri ndi zomwe zatuluka, mizere 23, yokwana K3,312,500. Zotsala ndi K237,500, zili ku akaunti yanga ya Mpamba.

Pamzere wa 14 muimepo kaye. Ndalemba matumba 22 a simenti pa K29,500 limodzi, pamene 40 oyamba aja tinagula pa K26,000. Mtengo unakwera pakati pa Julayi ndi Ogasiti, lisiti lake mulipeza. Koma mukaona kope la mmisiri mupeza analemba 20, osati 22. Awiriwo sanasowe. Mayi anatenga kukakonzetsa pansi pa chimbudzi cha agogo, chomwe chinayamba kugumuka, ndipo anandiuza ntchito itatha kale. Ndasankha kuti mumve kwa ine musanawerenge nokha n'kuyamba kuganizira mmisiri zinthu zomwe sanachite.

2_malisiti.pdf muli malisiti 19, ndawasanja motsatira mizere ya m'kaundula ndipo pakona pa lililonse ndalembapo nambala ya mzere wake. Mizere inayi ilibe malisiti: mchenga wa pangolo maulendo awiri, amayi otunga madzi, ndi anyamata aganyu ofotsera maziko. Mwini ngolo sayenda ndi buku la malisiti, mukudziwa. M'malo mwake anasaina m'kope, tsamba lakelo ndajambula lili kumapeto. Lisiti la mzere wa 9 lafufutika, nambala sizikuoneka bwino, ndi K84,000 ya mawaya a pa linta.

Tsopano nkhani yeniyeni, denga. 3_denga_A.pdf ndi 4_denga_B.pdf ndi makotesheni a akalipentala awiri. Onse anayeza nyumba ine ndilipo ndipo agwirizana kuti pakufunika malata 46.

Woyamba walemba K2,960,000. Malata ake ndi a IBR a geji 28, pa K38,000 limodzi. Wachiwiri walemba K2,310,000, malata wamba amizeremizere a geji 30, pa K27,000. Mukangoyang'ana pansi pa pepala muona kusiyana kwa K650,000 ndipo mtima uthamangira kwa wachiwiri, monga unachitira wanga. Ndikupempha muwerenge mzere ndi mzere, mapepala awiriwo ali moyandikana. Wachiwiriyo sanayikemo galimoto yonyamula katundu kuchokera pa boma, sanayikemo malata a pamsonga, komanso matabwa ake ndi osapaka mankhwala a chiswe. Ndazungulira ndi cholembera chofiira malo atatu amenewa pa pepala la woyamba kuti muone pomwe iye wawerengera. Nditamufunsa wachiwiri anati zimenezo “tidzaona pofika”, ndipo mawu amenewo ndawamvapo kokwanira chiyambire ntchito ino.

Za geji mwina mukuzidziwa kuposa ine, koma ndinene: nambala ikachepa lata limakhala lokhuthala, ndiye 28 ndi wolimba kuposa 30. Nyumbayi ili pamtetete, mphepo ya kumapiri kuja imafika yonse. Maganizo anga ndi oti titenge woyamba. Ndalama ndi zanu, mawu omaliza ndi anu, koma mitengo yonse iwiri anailemba pa 12 Sepitembala ndipo onse anati aisunga masiku 14 okha. Kupitirira apo tikafunsanso mwatsopano, ndipo mwaona mmene simenti inatichitira. Chinanso, mvula yoyamba ikatipeza mu Novembala makoma ali pamtunda opanda denga, ntchito ina tidzaibwereza. Mukasankha woyamba, kuchotsa zomwe ndasunga zija, mufunika kutumiza K2,722,500. Iye akuti atha kuyamba ndi theka, lina pomaliza.

5_zithunzi.zip muli zithunzi 12. Fayilo limeneli ndi lolemera, mulitsegule muli pa Wi-Fi kuti lisakuthereni bandulo. Zambiri ndi zongosangalatsa maso, muona kuti makoma onse afika pa linta. Ziwiri zokha ndi zofunika kuziyang'anitsitsa. Chachisanu ndi chiwiri chikuonetsa zenera la chipinda chanu: mmisiri waliyika kuyang'ana kumsewu, pamene ine ndimakumbukira kuti munati liyang'ane kudimba. Ngati ndi choncho nenani msanga, kusintha pano n'kosavuta, tikapaka pulasitala ndi nkhani ina. Chachisanu ndi chinayi ndi kamng'alu pakona ya khitchini, ndayikapo bokosi la machesi kuti muone kukula kwake. Mmisiri akuti ndi matope omangira okha omwe anauma mofulumira. Muwaonetseko anzanu omanga aja mumagwira nawo ntchito, timve maganizo awo.

Lomaliza, 6_kalata_ya_malo.pdf, ndi kalata ya anyakwawa yotsimikiza kuti malowo ndi anu. Chidindo chilipo, mboni zitatu zasaina, mayi ndi mmodzi mwa iwo. Muonemo ziwiri. Dzina lanu lachiwiri analilemba ndi “r” pomwe pa chiphaso chanu cha unzika ndimaona “l”. Zikuoneka zazing'ono, koma tsiku lomwe mudzafune kulembetsa malowo ku ofesi ya za malo, kapena kufunsira magetsi ku ESCOM, chilembo chimodzicho chitha kukuyendetsani maulendo. Mundijambulire chiphasocho mbali zonse ziwiri kuti ndikawaonetse alembenso. Chachiwiri ndi malire a kum'mawa. Kalata ikuti malo akuthera pamtengo wa mango, koma mangowo alipo awiri, ndipo pakati pawo pali mizere ingapo ya chimanga cha a m'banja loyandikana nafe lija. Mayi akuti ndi mtengo wakumtunda. Inu munalipo pogawa, ndiuzeni mmene mukukumbukira tisanapite kwa mfumu.

Pulani ya nyumba sindinatumizenso poti ndi yomwe ija muli nayo, palibe chasintha.

Fayilo lililonse likakana kutseguka mundiuze nambala yake, ndilijambula tsamba ndi tsamba n'kutumiza pa WhatsApp. Ndikuimbirani Lachinayi 8 koloko usiku mukaweruka. Pofika nthawiyo mukhale mutaona makotesheni awiriwo ndi zenera lija, chifukwa Loweruka ndikupitanso kumudzi ndipo kalipentala ndamuuza kuti ndibwera ndi yankho.

Mupereke moni kwa azakhali ndi ana.

Ine mwana wa mlongo wanu,
ku Lilongwe