Kalata Yopempha Ntchito Yolemba Mawu Otsatsira Mipando ndi Mabedi

Ngabu, Chikwawa
14 Epulo 2025

Kwa Bambo Alufandika,
Mwini shopu ya ukalipentala,
Nchalo.

Okondedwa Bambo,

PEMPHO LOTI NDIZIKULEMBERANI MAWU OTSATSIRA KATUNDU WANU

Ndalemba kalata ino potsatira zimene tinakambirana Loweruka lapitali pa shopu yanu, pamene ndinabwera kudzatenga tebulo limene mayi anga anaoda mwezi wa Febuluwale. Munandiuza kuti ndiike maganizo anga papepala kuti mukawaone bwino pamodzi ndi mayi a kunyumba, amene amasunga buku la ndalama, ndipo ndachita zomwezo.

Ine ndimagwira ntchito pandekha yolemba mawu otsatsira malonda m'Chichewa, m'Chisena ndi m'Chingerezi. Kwa zaka zinayi tsopano ndakhala ndikulembera eni mabizinesi ang'onoang'ono a kuno kuchigwa, monga ogulitsa mbewu ndi zipangizo za ulimi, telala wina wa ku Bangula, komanso malo ogona alendo amodzi a pa Dyeratu. Ngati mungafune kumva umboni wa anthu amenewa, ndidzawapempha chilolezo kuti mulankhule nawo.

Chimene chinandichititsa kuti ndikuyankhuleni ndi ichi. Pamene ndinkadikira kuti anyamata anu amalize kupukuta tebulo lija, kunabwera bambo wina amene anafunsa mtengo wa bedi lalikulu, ndipo atamva mtengowo anadandaula kuti pamsika aona bedi lofanana nalo lotsika mtengo kwambiri. Inu simunatsutsane nawo. Munangotembenuza bedilo, n'kuwaonetsa mmene miyendo yake munailumikizira posema mphako ndi kulowetsamo thabwa linzake m'malo mongokhomera misomali, kenako munawafotokozera kuti matabwa anu mumawaumitsa pamthunzi kwa miyezi ingapo musanawagwiritse ntchito, chifukwa thabwa laliwisi likakumana ndi kutentha kwa kuno kwa mwezi wa Okutobala limapindika ndi kung'aluka. Bambo aja anapereka dipoziti tsiku lomwelo. Koma nditabwerera kunyumba n'kuyang'ana chithunzi cha bedi lomwelo chimene mwana wanu anaika pa WhatsApp, ndinapeza kuti pansi pake pangolembedwa kuti "Mabedi alipo, mitengo yabwino." Mawu amenewa akhoza kulembedwa ndi kalipentala aliyense kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka, ndipo munthu wowawerenga alibe chifukwa chosankhira inu. Zimene munawauza bambo aja pakamwa ndizo zimagulitsa katundu wanu, koma zimamveka kwa okhawo amene afika pa shopu. Ntchito imene ndikupempha ndi yotenga zimenezo n'kuzilemba mwachidule ndi momveka, kuti zifike kwa mphunzitsi wa ku Ngabu kapena namwino wa ku Nsanje amene sanapondepo pakhomo panu.

Ndikupempha kuti tiyambe ndi miyezi itatu, kuchokera pa 1 Meyi mpaka pa 31 Julaye 2025. Ndasankha nyengo imeneyi dala, popeza ndi nthawi imene ntchito yodula nzimbe imakhala ili mkati ku esiteti ya Illovo ndipo anthu ambiri a pa Nchalo amakhala akulandira malipiro, komanso alimi a thonje a ku Ngabu ndi madera ozungulira amakhala akugulitsa zokolola zawo. Munthu amene wakhala akugona pamphasa chaka chonse akuganizira zogula bedi amapanga chiganizo chake m'miyezi imeneyi, ndipo ndi bwino kuti dzina lanu alimve ndalama zisanathere kwina.

M'sabata yoyamba ndidzakhala nanu pa shopu kwa masiku awiri, osakusokonezani pa ntchito, kuti ndimve mmene mumafotokozera katundu aliyense, ndilembe miyeso yake, mtundu wa matabwa, masiku amene mumatenga kuti mumalize, ndiponso mafunso amene makasitomala amafunsa kawirikawiri. Kuchokera pamenepo ndidzalemba mawu ofotokozera zinthu 15 zimene mumapanga kwambiri, kuphatikizapo mabedi, mipando ya pabalaza, matebulo odyera, makabati, mawadiropu, zitseko ndi mafelemu. Mawuwa adzakhala oti angathe kuikidwa pansi pa chithunzi pa WhatsApp ndi pa Facebook, komanso kusindikizidwa pa kapepala kamodzi kogawira anthu pamsika ndi m'maofesi. Kuti muone mmene ndimalembera, nachi chitsanzo cha bedi lija:

"Bedi ili ndi la matabwa a mlombwa oumitsidwa pamthunzi, ndipo miyendo yake ndi yolowetsana, osati yongokhomera misomali. Silidzayamba kulira kapena kugwedera dzuwa la Okutobala likafika. Bwerani pa Nchalo mulitembenuze nokha, muone kunsi kwake musanapereke ndalama. Mukaoda lero, mudzatenga pakatha masiku 10."

Muona kuti mulibe mawu monga "apamwamba zedi" kapena "osapambanika." Ndimawapewa chifukwa aliyense amawanena, moti anthu anasiya kuwamva. Chimene chimam'khutiritsa wogula ndi chinthu choti angathe kuchiona ndi maso kapena kuchigwira ndi dzanja, ndipo kumuuza munthu kuti atembenuze yekha bedi ndi mawu amene kalipentala wobisa ntchito yoipa pansi pa vanishi sangayerekeze kunena.

Kuwonjezera pamenepo, ndidzalemba mauthenga awiri pa sabata kwa miyezi itatuyo, onena za katundu amene mwangomaliza kumene, ndiponso uthenga umodzi wa pa wailesi wa masekondi 30, m'Chichewa ndi m'Chisena. Wa m'Chisenawo sindidzachita kutanthauzira mawu ndi mawu kuchokera ku wa Chichewa, koma ndidzaulemba paokha, chifukwa anthu a ku Bangula, Tengani ndi Nsanje amazindikira msanga uthenga umene walembedwa ndi munthu wongobwereka chilankhulo chawo.

Mbali ina imene ndikuiona kuti ili ndi phindu lalikulu, ngakhale simunaitchule, ndi kalata yodzidziwitsa ku masukulu, mipingo ndi mabungwe. Chiyambire madzi osefukira a mu 2015, kenako namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, masukulu ndi matchalitchi ambiri a m'maboma athu awiriwa akhala akumangidwanso kapena kukonzedwa, ndipo nyumba yomangidwa kumene imafuna madesiki, mabenchi, zitseko ndi mashelefu. Nthawi zambiri katundu wotere amachokera ku Blantyre, kutsika naye phiri lonse lija pa galimoto, pamene kalipentala wodziwa ntchito ali pafupi pomwepa. Oyang'anira ntchito zoterezi sagula chifukwa cha chithunzi cha pa foni. Amafuna kalata yolongosoka, yonena kuchuluka kwa madesiki amene mungapange pa mwezi, mtengo wa limodzi, ndi mmene mudzawafikitsire. Ndidzakulemberani kalata yotere m'Chichewa ndi m'Chingerezi, pamodzi ndi pepala la mitengo loti muzingosintha manambala. Ndikudziwitseni pasadakhale kuti mabungwe ambiri amafunsanso chiphaso cha kulembetsa bizinesi ndi nambala ya msonkho ya ku MRA, choncho ngati mapepalawa sali okonzeka, kalatayi tidzaitumiza kaye kwa akuluakulu a mipingo ndi makomiti a sukulu amene amagula okha.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha kuti tigwirizane tisanayambe. Choyamba, ndidzalemba zoona zokhazokha. Ngati kabati ndi ya paini kapena ya malaina yopakidwa vanishi wofiirira, ndidzalemba kuti ndi ya paini kapena ya malaina, ndipo ndidzafotokoza ubwino wake weniweni, woti ndi yopepuka ponyamula ndiponso yotsika mtengo; sindidzaitchula kuti mbawa. Sindidzalonjezanso kuti chiswe sichingagwire katundu wanu pokhapokha mutandionetsa mankhwala amene mumapaka, chifukwa kuno chiswe chimatsutsa wabodza dzinja limodzi lisanathe. Pa katundu wa mlombwa ndi mbawa, ndidzapempha kuona mapepala a kumene munagula matabwawo, popeza mitengo yachilengedwe ili ndi malamulo ake a zankhalango, ndipo si nzeru kulengeza pa wailesi chinthu chimene chingakuitanireni mafunso. Chachiwiri, ndikupempha kuti mabokosi a maliro, amene ndikudziwa kuti mumapanganso, tisawaike pamodzi ndi mabedi ndi mipando. Anthu amene akukonzekera ukwati safuna kuona bokosi pambali pa bedi lawo latsopano, ndipo ofedwa amadziwa kale kumene angakupezeni.

Mtengo wa ntchito yonseyi kwa miyezi itatu ndi K240,000. Ndikupempha K80,000 poyamba, K80,000 pa 15 Juni, ndi yotsalayo pa 31 Julaye, kudzera pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena pamanja ndi lisiti. Ndalamayi ndi ya kulemba kokha pamodzi ndi maulendo anga ochokera ku Ngabu. Kusindikiza timapepala, kulipira nthawi ya pa wailesi ndi kugula bandulo ya intaneti zidzakhala kwa inu, ndipo ndidzakubweretserani mitengo yake kuti musankhe nokha tisanawononge kalikonse. Zithunzi angapitirize kujambula mwana wanu, bola azijambula m'mawa kunja kusanawale kwambiri, katundu ali pamalo osesedwa bwino. Chilichonse chimene ndalemba mudzayamba mwachiona ndi kuchivomereza chisanatuluke, mudzakhala ndi ufulu wondibwezera kawiri kuti ndikonze popanda kuwonjezera ndalama, ndipo mukamaliza kulipira mawu onsewo adzakhala anu, oti muziwagwiritsa ntchito mmene mungafunire. Pa miyezi itatuyi sindidzalembera kalipentala wina aliyense wa pa Nchalo.

Sindingakulonjezeni kuti mudzagulitsa mabedi angati, chifukwa zimenezo zimadaliranso mitengo ya thonje, mtengo wa matabwa ndi zina zimene sizili m'manja mwanga. Chimene ndikupempha ndi chakuti mayi aziwonjezera mzere umodzi m'buku lawo, wolembamo kumene kasitomala aliyense anamvera za inu, kaya ndi pa wailesi, pa foni, pa kapepala kapena kwa mnzake. Kumapeto kwa mwezi uliwonse tidzakhala pansi n'kuwerenga, ndipo njira imene sikubweretsa anthu tidzaisiya. Ngati pofika pa 31 Meyi muona kuti ntchitoyi sikukuthandizani, mukhoza kuiimitsa, ndipo simudzalipira china choposa gawo loyamba lija.

Ndidzadutsa pa Nchalo Lachisanu pa 25 Epulo cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo ngati mudzapezeka, ndidzabwera ndi zitsanzo zina ziwiri, cha mpando wa pabalaza ndi cha chitseko, kuti mudzazione ndi kundiuza maganizo anu.

Ine wanu,

Tiyanjane Fatchi
Wolemba mawu otsatsira malonda, Ngabu