Tikufuna anthu ongodzipereka pa gulu la mitengo ndi ngalande kuno ku Chilobwe

Muli bwanji abale anzanga,

Ndikulemberani ngati mlembi wa kagulu kathu kaja kamene mumationa tili ndi mawilibala Loweruka mmawa. Tatsala ochepa, ena anasamuka ena ganyu yawachulukira, ndiye tikufuna manja ena mvula isanayambe.

Nonse mukudziwa zomwe Namondwe Freddy anatichita mu Malichi 2023, matope ndi miyala zochokera mphiri la Soche kutsika usiku mpaka kukwirira nyumba ndi anthu momwemo. Phiri lija mpaka pano mbali zambiri ndi lambee, ndipo ngalande zathu zadzaza majumbo, mabotolo, mapampasi, moti mvula ya ola limodzi lokha madzi amakhala alowa kale mmakomo mwa anthu akumunsi.

Ntchito yake ndi iyi. Timakumana Loweruka loyamba ndi lachitatu pamwezi, 6:30 mmawa pa mjigo wa pafupi ndi nazale yathu, pofika 10 koloko tamaliza aliyense azikaona zakwake. Panopa tikuthira dothi mmachubu ndi kufukula ngalande. Mvula ikakhazikika mu Disembala tikwera kuphiri kukadzala mbande, mibawa ndi mthethe, komanso vetiva mmbali mwa makwawa. Kudzalako sikuvuta ayi, tsiku limodzi anthu amabwera ambiri mpaka kujambulitsa zithunzi, koma chimene chimapha mitengo ndi mbuzi, moto wa osaka mbewa ndi dzuwa la Okutobala, ndiye aliyense olowa gulu amapatsidwa mzere wake wa mitengo 20 kuti aziyendera, kupalira, kutchingira ndi minga komanso kulambula njira yotchinga moto udzu ukauma. Nchifukwa chake tikupempha kuti mukalowa mukhale nafe chaka chathunthu.

Ndinene poyera pano kuti pasadzakhale kudandaula, alawansi palibe. Palibe bungwe lomwe likutipatsa ndalama, ife eni ake timasonkha K1,000 pamwezi yogulira machubu ndi magolovesi, ndipo amene zamuvuta mwezi umenewo timamvetsa, bola abwere ku ntchito. Khasu kapena fosholo mubwere nazo zanu, magambutsi ngati muli nawo muvale chifukwa mngalande muja mumakhala magalasi osweka. Mukadwala kapena kukagwa maliro ingotumizani uthenga pa gulu la Watsapu, koma kujomba katatu kotsatizana osanena kanthu mzere wanu timapatsa wina.

Amayi ndi abambo achikulire omwe kuphiri simungakwere musadzione ngati mulibe gawo, ku nazale kumafunika othirira mbande mmawa ndi madzulo. Achinyamata osakwana zaka 18 abwere ndi chilolezo cha makolo.

Ngati mwakonzeka yankhani imelo yomweyi pasanafike Lachinayi, mulembe dzina, dera lomwe mumakhala ndi nambala ya foni kuti tikuikeni pa gulu. Amfumu akudziwa kale za ntchitoyi ndipo Loweruka likubwerali adzakhalapo kudzalandira atsopano.

Zikomo kwambiri,
Nachisale
Mlembi wa gulu