Kufunsa za kalata yanga yofunsira ntchito ya ukalaliki wa pa sikelo

Kamwendo
Mchinji
22 Epulo 2025

A Wapampando
Komiti yolemba anthu ntchito
Kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza
Mkanda, Mchinji

Bambo Wapampando,

Ndakulemberani kuti ndimve pamene yafika kalata yanga yofunsira ntchito ya ukalaliki wa pa sikelo ndi kusunga katundu, yomwe munalengeza kumayambiriro kwa mwezi uno. Kalatayo ndinabwera nayo ndekha ku ofesi yanu Lachiwiri pa 8 Epulo, tsiku lotsekera la pa 11 Epulo lisanakwane. Lero atha masabata awiri ndipo sindinamve kanthu, kaya pa foni kaya pa kalata.

Tsiku limenelo a manijala ndinawaphonya, akuti anali atapita ku msonkhano ku boma. Envulopu ndinaisiya m'manja mwa mayi amene anali pa tebulo la pakhomo, ndipo anaiika m'katoni momwe munali kale maenvulopu ena. Inali ya khaki, pamwamba ndinalembapo dzina la ntchitoyo ndi inki yabuluu. Mkati munali kalata yofunsira ntchito, mbiri yanga ya maphunziro ndi ntchito, fotokope ya satifiketi ya MSCE ndi fotokope ya chiphaso cha unzika. Mayiwo sanandilembetse m'buku lililonse. Ndiye funso langa loyamba ndi lakuti, kodi envulopuyo inafika m'manja mwa komiti? Ngati inasochera pakati pa mapepala ena, musavutike kuisaka. Pamodzi ndi kalata ino ndaikamo mapepala onse aja kachiwiri.

Ndikudziwa kuti ino si nyengo yoti komiti n'kukhala pansi mosavuta. Nonsenu ndinu alimi, soya wauma m'munda ndipo akachedwa kuzulidwa amayamba kuthetheka yekha. Pakati pomwepa padutsanso Pasaka, maofesi anali otseka Lachisanu lapitali ndi dzulo Lolemba. Choncho musaone ngati ndikukukakamizani kapena kudandaula. Akuluakulu amati kufunsa ndi kudziwa njira, ndipo ine ndili ndi zifukwa zimene zandichititsa kuti ndisangokhala chete n'kumadikira.

China ndi foni. Kumene ndimagona, kuseri kwa msika, netiweki imavuta, makamaka madzulo, ndipo sabata yatha foni inakhala yozima kwa kanthawi chifukwa batire ya sola inali itatha mphamvu. N'kutheka kuti munaimba osandipeza, n'kuganiza kuti mwina ndinasintha maganizo. Sindinasinthe. Nambala ndi yomwe ija ili pamwamba pa mbiri yanga, ndipo ngati siikupezeka, uthenga wolemba umafika ndikangotulukira ku msewu. Pansi pake pali nambala ya achimwene anga, amene amakhala pa golosale yawo tsiku lonse ndipo akhoza kundituma mwana nthawi yomweyo.

Koma chachikulu ndi kalata ya umboni. Chilengezo chanu chinati aliyense abweretse kalata yochokera kumene anagwirako ntchito. M'kalata yanga yoyamba ndinafotokoza kuti abwana amene ndinkawagwirira ntchito anali pa ulendo ndipo ndidzaipereka akabwera. Anabwera, alemba, ndipo ndaiphatikiza pano. Asainira ndi kudinda chidindo cha bizinesi yawo, ndipo anena kuti mukhoza kuwaimbira kapena kuwapeza pa shedi yawo pano pa Kamwendo. Ngati kusowa kwa pepala limeneli ndi kumene kunaika envulopu yanga pambali, ndikupempha kuti muyionenso tsopano popeza zonse zakwanira.

Mundilole ndiwonjezere zina zimene sindinazitambasule poyamba, poti kalata ija ndinaifupikitsa.

Ntchito imene mukufunira munthuyi ndinaigwirapo kwa wamalonda wina wogula mbewu, m'nyengo zogula za 2023 ndi 2024. Ndinkakhala pa sikelo kuyambira m'mawa mpaka galimoto itanyamuka. Mlimi akafika ndi katundu pa njinga kapena pa ngolo, ndinkayamba ndamasula thumba n'kulowetsa dzanja mpaka pansi, chifukwa pamwamba pa thumba nthawi zonse pamakhala poyera. Soya wosapeta bwino amabisa mchenga, timiyala ndi makoko pansi. Ndikapeza zotero sindinkakangana ndi mwini katundu. Ndinkamubwereka lichero ndi lona kuti apete pomwepo, kenako tiyeze. Ambiri amanyinyirika poyamba, koma amabweranso, chifukwa aona kuti mnzawo amene wabwera pambuyo naye wachitidwa chimodzimodzi.

Chinyontho ndimadziwa kuyeza ndi kachipangizo kaja, ndipo kumene ndinaliko soya wopitirira maperesenti 13 sitinkamulowetsa m'shedi. Kachipangizoko kakafa batire, kuluma njere kumathandiza: wouma amasweka ndi kaphokoso, wosauma amangophwanyika ngati chingamu. Pa mtedza m'pamene ndimaumitsa mtima kwambiri. Alipo ena amene amawaza madzi mtedza kuti usavute kuswa, kapena kuti ulemere pa sikelo. Mtedza wotero ukangotsekeredwa m'thumba umachita chuku, ndipo chukucho n'chimene chimabweretsa poizoni uja wa afulatokisini, amene ogula akuluakulu amabwezera katundu yense akamupeza. Thumba limodzi lonyowa likhoza kuipitsa mbiri ya mulu wonse. Kwa vendala, zimenezi ndi zake yekha. Ku kopaletivi, amene amaluza ndi mamembala onse, ngakhale mayi amene anaumitsa wake moleza mtima. N'chifukwa chake ndimaona kuti kalaliki wa pa sikelo ayenera kukhala munthu wotha kuuza ngakhale amalume ake enieni kuti, pepani, uyu kaumitseni kaye. Ndiponso sindisakaniza mitundu. CG7 amakhala payekha, Chalimbana payekha, poti ogula ake ndi mitengo yake zimasiyana.

Za sikelo, ndinazolowera kuyamba tsiku poonetsa alimi amene afika m'mawa kuti muvi uli pa ziro, ndi kuti chizindikiro cha a Malawi Bureau of Standards chilipo. Kulemera kwa thumba lopanda kanthu ndimachotsera mlimi akuona, ndipo nambala ndimaitchula mokweza ndisanailembe. Alimi ambiri kuno anapwetekedwapo ndi masikelo a m'misewu, ndiye amafika ali ndi chikayiko kale. Akamva nambala ndi makutu awo, n'kuiwonanso pa lisiti, mtima umakhala m'malo.

Mabuku ndiwo ndimawakonda kuposa zonse. Lisiti iliyonse inkakhala ndi dzina, mudzi, makilogalamu, mtengo wa pa kilogalamu ndi ndalama yonse, ndipo kope yake inkatsala m'buku. Madzulo ndinkawerenga matumba a makilogalamu 50 amene tasoka, n'kufananiza ndi zimene zili m'malisiti komanso ndalama imene yatsala m'kabati. Zikasiyana sindinkapita kunyumba mpaka nditapeza pamene pasokonekera, ndipo kawirikawiri kankakhala kakang'ono, monga 7 amene walembedwa ngati 1. Ena mwa alimi tinkawalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo nambala ya uthenga uliwonse ndinkailemba pambali pa dzina. Excel ndimaidziwa pang'ono, yokwanira kulowetsa malisiti a tsiku ndi kuwonkhetsa. Sindinganene kuti ndine katswiri wa kompyuta, koma ngati muli nayo pa ofesi sindingaiope. Kumudzi kuno ndinenso mlembi wa gulu lathu la banki mkhonde, ndipo a pampando a gululo ndi mmodzi mwa anthu amene ndinawatchula kuti angandichitire umboni.

Mwina komiti ingakhale ndi nkhawa poona kuti ndimakhala ku Kamwendo pamene ntchito ili ku Mkanda, komanso kuti ndine mayi wa mwana wamng'ono. Ndinene mosabisa kuti zimenezi ndinazikonza kale ndisanalembe kalata yoyamba. Azakhali anga amakhala pafupi ndi msika wa Mkanda ndipo avomera kundisunga nyengo yonse yogula. Mwana adzatsala ndi agogo ake, amene amakhala naye kale ine ndikakhala pa ntchito. Galimoto ikabwera kudzanyamula katundu usiku kapena Loweruka, ndidzapezeka. Kunyamula matumba ndi kwa anyamata, koma kuwasanja ndimayang'anira ndekha: pa mathandala, osagunda khoma, ndi kampata koti munthu adutse powerenga.

Pali nkhani inanso imene ndaona kuti ndi bwino muidziwe kuchokera kwa ine. Abwana anga akale aja andifunsa ngati ndingabwererenso pa sikelo yawo chaka chino. Akufuna kutsegula kumayambiriro kwa Meyi, ndipo ndawalonjeza kuti ndiwayankha pofika Lachisanu pa 2 Meyi. Iwo akudziwa kuti ndinafunsira ntchito kwa inu, n'chifukwa chake sanavute kulemba umboni uja. Sindikunena izi kuti ndikuthamangitseni. Mtima wanga uli ku kopaletivi, chifukwa makolo anga ndi alimi a mtedza ndipo ndaona kusiyana kwa kugulitsa wekha pa msewu ndi kugulitsa pagulu. Komanso ntchito yanu imapitirira nyengo yogula, mpaka pa kugawa mbewu ndi kulondoloza ngongole za mamembala, ndipo zimenezo n'zimene ndikufuna kuphunzira. Kungoti sindingawasunge anthu aja m'malere mpaka nyengo itayamba, iwonso ayenera kupeza munthu.

Choncho pempho langa ndi ili. Mundidziwitse ngati mapepala anga anafika, ndiponso ngati komiti yakonza tsiku loyesa anthu. Ngati simunakumane, kungondiuza sabata imene mukuyembekeza kutero kundikwanira, ndidzadziwa chowauza abwana aja. Ngati mwasankha kale wina, kapena dzina langa silinalowe m'gulu la oitanidwa, musaope kundiuza. Ndidzalandira, ndipo ndingakondwe mutasunga mapepala anga kuti mwina mudzafune wothandizira pa sikelo yachiwiri katundu akachuluka mu Juni.

Ndili wokonzeka kubwera tsiku lililonse limene munganene, ngakhale mutandiuza dzulo lake. Ngati komiti ingafune kundiona ndikugwira ntchito m'malo mongondifunsa mafunso, mundiike pa sikelo m'mawa umodzi, mundipatse buku la malisiti, madzulo muwerenge nokha. Masatifiketi enieni ndi chiphaso ndidzabwera nazo kuti mufananize ndi mafotokope.

Kalata ino ndapatsira achimwene anga amene akubwera ku Mkanda mawa, ndipo ndawapempha kuti aipereke m'manja mwanu kapena mwa a manijala. Lolemba pa 28 Epulo ndidzaimba pa nambala ya ofesi imene inali pa chilengezo, cha m'ma 10 koloko m'mawa, kuti ndimve ngati yafika.

Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu, ndipo mundiperekere moni kwa a komiti onse.

Ine wanu,

Tiyamike Nabanda

Zimene ndaphatikiza: kalata ya umboni yochokera kwa abwana anga akale, kope ya kalata yanga ya pa 8 Epulo, mbiri yanga ya maphunziro ndi ntchito, fotokope ya satifiketi ya MSCE ndi ya chiphaso cha unzika.