Nkhani za pasukulu pathu: kutha kwa chigawo chachiwiri

Makolo, mafumu ndi abale onse a kuno ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, tikupatsani moni.

Chigawo chachiwiri cha maphunziro chatha, ndipo chomwe chatisangalatsa koposa chachokera m'kalasi yachiwiri. Pomwe tinkatsegulira chaka, ana ambiri m'kalasiyi ankangoloweza zomwe aphunzitsi anena, chala chili pena, pakamwa pakunena zina. Lero ambiri akuwerenga okha ndime yonse ya Chinyanja. Kamtsikana kena komwe kankabisala kumbuyo kwa anzake kanaima pamaso pa sukulu yonse m'mawa wina wozizira wa mu Julaye, milomo ikunjenjemera, n'kuwerenga mpaka kumapeto. Mwana akayamba ndi chilankhulo chakwawo, Chipwitikizi sichimuvuta kwambiri pambuyo pake, ndipo taziona ndi maso.

M'kalasi yachisanu ndi chimodzi, ambiri apyola 10 pa 20 pa masamu. Amene atsalira tikuwadziwa, ndipo pafupifupi onse ndi omwe amajomba tsiku la msika kapena kukathandiza kukumba mbatatesi kudimba. Sitikunyoza ntchito, tonse timadya za m'munda. Koma phunziro lomwe lamudutsa mwana Lachitatu silimudikira. Chonde, kudimba azipita akaweruka.

Tikuthokoza komiti ya sukulu ndi amayi amene anayenda khomo ndi khomo mpaka atsikana ena omwe anasiya sukulu abwerera. Abambo amene munaumba njerwa za chimbudzi cha atsikana, zikomo. Kwatsala denga lokha. Timu yathu ya mpira yachitanso bwino m'masewero a sukulu zoyandikana nafe.

Tsopano zomwe zikubwera. Loweruka loyamba tikatsegulira kudzakhala msonkhano wa makolo, 8 koloko m'mawa, pansi pa mitengo ya bulugamu. Tidzaonetsa zotsatira za mwana aliyense ndi kukambirana za denga lija. Musatume mwana mnzake, bwerani nokha.

Pa 7 ndi pa 25 Sepitembala sikudzakhala maphunziro chifukwa ndi masiku a tchuthi cha dziko. Chimodzimodzinso pa 4 Okutobala, tsiku lokumbukira mtendere womwe unasainidwa ku Roma mu 1992. Sabata imeneyo anyamata adzavina ngoma, ndipo tikupempha agogo amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo abwere adzawafotokozere ana zomwe anaona. Pa 12 Okutobala tidzalemekeza aphunzitsi athu.

Kumapeto kwa chaka a kalasi yachisanu ndi chimodzi adzalemba mayeso omaliza pulayimale, choncho masana azitsalira kubwereza maphunziro. Apatseni kachakudya konyamula. Amene muli ndi ana oyenera kuyamba kalasi yoyamba chaka chamawa, a zaka 6, konzeranitu chikalata chawo chobadwira. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo tsiku lake tidzalengeza kudzera mwa mafumu ndi m'matchalitchi.

Ndine wanu,
Mkulu wa sukulu