Mdalitso wa Nyumba ya Banja la Aphiri ku Chirimba

Takulandirani kwanu, inu Aphiri ndi Nachisale pamodzi ndi ana anu.

Zaka 9 mwakhala mukulipira lendi ku Ndirande, mukugula malata limodzilimodzi n'kumabisa kuseri kwa kabati. Lero kiyi ali m'manja mwanu. Aliyense wa ife pano amapemphera m'njira yake, koma chimene tikukupempherani n'chimodzi.

Denga ili lisadonthe mvula ya Januwale ikamagwa usiku wonse. Maziko agwire, ndipo madzi otsika m'phiri alambalale nyumba ino. Chitseko chitsegukire mlendo wabwino, koma wobwera ndi mtima woipa asokere njira.

Kukhitchini moto usazime. Thumba la ufa lisafike pansi, ndipo tsiku limene ndiwo zachepa, chigwada chomwecho chikome ngati nyama. Mnansi akadzapempha mchere, mum'patse ndithu, paja mawa mudzagogoda ndinu. Mikangano idzakhalako, tisanamizane pano, nyumba yosakanganamo ndi yopanda anthu. Koma mkwiyo usagone pabedi limodzi ndi inu mpaka kucha.

Ana akule m'zipinda izi ali athanzi, alembelembe makoma ndi makala, tidzapakanso laimu. Akadzapita kutali, njira yobwerera kuno isawasokonekere. Agogo akabwera kuchokera ku Ntcheu, apeze mphasa pakhonde ndi tiyi wotentha.

Mtengo wa mango umene mwabzala m'mawa uno ukule, mudzadye zipatso zake muli pamthunzi wake.

Zikhale choncho. Amayi, tsegulani chitseko tilowe.