Sheya Yanu Isaphonye Mwezi

Amayi ndi abambo, anzanga a banki m'khonde,
mwezi wakwana, bokosi lafika pakati pathu,
maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu,
palibe wolitsegula yekha kumbali.

Musachite manyazi ndi sheya imodzi.
Ogula zisanu tawaombera m'manja,
koma ine mtima wanga uli pa mayi uja
amene mwezi ndi mwezi amamasula mfundo ya nsalu yake,
kutulutsa kandalama kokwinyika, ka thukuta lake,
alembi n'kudinda m'kabuku,
tsamba lonse zidindo zokhazokha, lopanda mpata.

Mukadumpha mwezi mwapweteka gulu lonse:
mnzanu wofuna ngongole ya geni abwerera chimanjamanja,
chiwongoladzanja chomwe tikanagawana osaoneka.
Ndalama yosunga m'thumba ili ngati madzi a m'dengu,
mukamati mugwire, yatha kale.

Thumba la zadzidzidzi nalo tisaliiwale.
Paja mwana wa mnzathu atadwala pakati pa usiku,
yoyendera kupita kuchipatala inachoka momwemu.

Tsiku logawana likubwera,
tidzawerenga zidindo poyera,
aliyense n'kulandira molingana ndi masheya ake.
Alembi, tsegulani kaundula muitane mayina,
asungichuma, sendezani mbale kuno, tiyambe kuponya!